Liwiro la pa kamphindi: chimene derivetivu imayeza

Pa 16 Ogasiti 2009, mumzinda wa Berlin ku Germany, Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58. Aliyense wodziwa kugawa nambala atha kupeza liwiro lake: 100 kugawa ndi 9.58, yankho ndi mamita pafupifupi 10.44 pa sekondi. Yankholi ndi loona, koma silikunena zonse zimene zinachitika pabwalo paja. Mfuti italira, Bolt anali chikhalire pamalo oyambira, liwiro lake lili 0. Mamita 20 oyambirira anamutengera masekondi 2.89, kutanthauza mamita osakwana 7 pa sekondi. Pakati pa mamita 60 ndi 80 mpamene anali pachimake, chifukwa chigawo chimenechi anachidutsa m'masekondi 1.61 okha, omwe ndi mamita oposa 12 pa sekondi. Kumapeto anatsikako pang'ono.

Choncho 10.44 ndi avareji chabe. Ndi liwiro limene munthu angafunike kuti amalize mpikisano wonsewo pa nthawi yomweyo akanakhala kuti sakufulumira kapena kuchedwa paliponse. Ngakhale 12 uja ndi avarejinso, kungoti wa kachigawo kakafupi. Nanga wina atafunsa kuti Bolt ankathamanga pa liwiro lanji pa nthawi yeniyeni imene phazi lake linkadutsa pa mita ya 70?

Funso limeneli ndilo phata la kalikyulasi yoyambirira, ndipo ophunzira amene akukonzekera mayeso apakati pa temu akumana nalo posachedwapa litavala zovala zosiyanasiyana. Ambiri mwa iwo aloweza kale lamulo loti x² imasanduka 2x, ndipo x³ imasanduka 3x². Kutsitsa kanambala ka pamwamba ndi kuchotsapo 1 sikuvuta. Chimene chimavuta ndi kufotokoza chifukwa chake nambala yotulukapoyo ikuyeza kusintha kwa chinthu, ndipo mafunso amene amadya malikisi ambiri ndi omwe amafuna kufotokoza kumeneku.

Vuto lagona apa. Kuti munthu ayeze kusintha amafunika kuona chinthu kawiri, poyamba ndi pambuyo pake. Liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi. Koma pa kamphindi kamodzi kenikeni, nthawi yodutsa ndi 0, mtunda woyendedwa ndi 0, ndipo 0/0 si nambala. Chithunzi cha Bolt chojambulidwa pa kamphindi kameneko chimamuonetsa ali m'malere, osayenda. Komabe palibe angatsutse zoti anali ndi liwiro. Derivetivu ndi njira imene akatswiri a masamu anapeza yozembera 0/0 popanda kunama.

Kuti njirayi ioneke bwino pakufunika chinthu choyenda motsatira lamulo lodziwika, osati munthu amene amatopa. Mwala wogwa ndi woyenera. Galileo Galilei, m'buku lake la mu 1638, anafotokoza kuti mtunda umene chinthu chogwa chayenda umakula molingana ndi nthawi yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. M'mamita ndi masekondi, mtundawo ndi pafupifupi 4.9t², ngati mpweya sukutchinga kwambiri. Kuti nambala zisakhale zolemetsa, aphunzitsi ambiri amaizunguliza n'kulemba s = 5t². Pakatha sekondi imodzi mwalawo wagwa mamita 5, pakatha masekondi 2 wagwa mamita 20, pakatha 3 wagwa 45.

Funso nali: mwalawo ukugwa pa liwiro lanji pamene t = 2 ndendende?

Wophunzira sangagawe 0 ndi 0, koma atha kuyeza avareji pa chigawo cha nthawi choyambira pa 2. Kuchokera pa sekondi ya 2 kufika ya 3, mwala wayenda 45 − 20, omwe ndi mamita 25 pa sekondi imodzi. Avareji ndi 25. Nambalayi yakula kwambiri, chifukwa mwala umafulumira pamene ukugwa, ndiye chigawochi chaphatikiza nthawi imene unali utathamanga kale kuposa mmene unalili pa t = 2. Achepetse chigawocho. Kuchokera pa 2 kufika pa 2.5, mtunda ukuchoka pa 20 kufika pa 31.25. Kusiyana kwake ndi 11.25, ndipo kugawa ndi theka la sekondi kukupereka 22.5. Kuchokera pa 2 kufika pa 2.1, mtunda ukufika pa 22.05, kusiyana ndi 2.05, kugawa ndi 0.1, yankho ndi 20.5. Kuchokera pa 2 kufika pa 2.01, avareji ndi 20.05.

Nambalazi zikulowera kumodzi: 25, 22.5, 20.5, 20.05. Woziyang'ana aliyense aona 20 akubwera. Koma wophunzira wochenjera ayenera kukayikabe, chifukwa wangoyang'ana mbali imodzi. Ayesenso kuchokera kumbuyo. Kuchokera pa 1.9 kufika pa 2, mtunda ukuchoka pa 18.05 kufika pa 20, ndipo 1.95 kugawa ndi 0.1 ndi 19.5. Kuchokera pa 1.99 kufika pa 2, avareji ndi 19.95. Ma avareji a kutsogolo akutsikira pa 20, a kumbuyo akukwerera pa 20. Liwiro la pa t = 2 lapanikizidwa pakati, ndipo palibe nambala ina imene ingakhale pamenepo kupatula 20.

Mndandanda wa nambala umakhutiritsa maso, koma si umboni. Umboni umachokera ku aljebura, ndipo ndi waufupi. Kachigawo ka nthawi kapatsidwe dzina loti h. Pa nthawi 2 + h mwala wagwa 5(2 + h)², ndipo kumasula mabulaketi kukupereka 20 + 20h + 5h². Kuchotsapo mamita 20 amene unali utagwa kale, kwatsala 20h + 5h². Uku ndiye kusintha kwa mtunda. Kugawa ndi h, kusintha kwa nthawi, kukupereka:

(20h + 5h²)/h = 20 + 5h

Mzere umodzi umenewu wasunga ma avareji onse aja. Ikani h = 1, mupeza 25. Ikani h = 0.1, mupeza 20.5. Ikani h = −0.1, mupeza 19.5. Ndipo ukuonetsa poyera kuti avareji ili ndi zigawo ziwiri: 20 amene sasuntha kaya h ndi wamkulu kapena wamng'ono, ndi 5h amene amafota pamodzi ndi h. Chigawo chosasunthacho ndicho derivetivu. Chinacho ndi zotsalira zobwera chifukwa choti muyeso unatengedwa pa nthawi yotalikirapo.

Apa mpamene pali yankho la funso loti n'chifukwa chiyani derivetivu imayeza kusintha. Sikuti wina anapeza lamulo lotsitsa kanambala kenako n'kuzindikira mwamwayi kuti likugwirizana ndi liwiro. Derivetivu inamangidwa kuchokera ku kugawa kumeneku, kusintha kwa chinthu chimodzi kugawa ndi kusintha kwa chinzake, ndipo sitepe iliyonse ya ntchitoyi ndi muyeso wa kusintha. Chatsopano chokha ndi limiti, kutanthauza nambala imene ma avarejiwo akuiyandikira pamene h akufupikira ku 0. M'mabuku zimalembedwa kuti f′(a) ndi limiti ya [f(a + h) − f(a)]/h pamene h → 0. Pamwamba pa mzere pali kusintha kwa zotuluka, pansi pali kusintha kwa zolowa.

Ntchito yomweyi ikachitidwa pa t wina aliyense m'malo mwa 2, avareji imatuluka 10t + 5h, ndipo limiti yake ndi 10t. Ndi yankho lomwe lija la lamulo loloweza, 5 kuchulukitsa ndi 2t. Lamuloli ndi njira yachidule ya aljebura imeneyi, yochitidwa kamodzi kuti isamabwerezedwe tsiku lililonse.

Pali funso limene ophunzira oganiza mofatsa amafunsa akafika pamenepa, ndipo sayenera kuchita nalo manyazi. Pogawa ndi h paja, h sanali 0, chifukwa kugawa ndi 0 n'koletsedwa. Koma kumapeto 5h watayidwa ngati kuti h ndi 0. Kodi si chinyengo chimenechi? Funsoli ndi lakale. Isaac Newton anapeza njira zake cha m'ma 1665 ndi 1666, ndipo Gottfried Leibniz, amene anazipeza payekha, anasindikiza zake mu 1684. Onse awiri ankapeza mayankho olondola, koma kafotokozedwe kawo ka tinthu tating'onoting'onoti kanali kosamveka bwino. Mu 1734 bishopu wa ku Ireland, George Berkeley, analemba buku lotchedwa The Analyst lodzudzula mfundo yomweyi, yoti chinthu chimodzi chikutengedwa ngati chilipo poyamba kenako ngati palibe. Sanalakwe. Zinatenga zaka pafupifupi 100 kuti nkhaniyi iyambe kukhazikika, pamene Augustin-Louis Cauchy m'zaka za m'ma 1820, kenako Karl Weierstrass, anaika limiti pa maziko olimba.

Yankho lawo ndi loti h safika pa 0 ngakhale pang'ono. Chimene chikunenedwa n'chakuti 20 + 5h atha kuyandikizidwa ku 20 mmene munthu angafunire. Wina akati akufuna avareji isasiyane ndi 20 kuposa 0.001, n'zotheka: asankhe h wochepera 0.0002. Akati isasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo miliyoni, n'zothekanso, h angochepa kwambiri. Nambala yokhayo imene ingapirire mayeso otere nthawi zonse ndi 20. Pa pepala la mayeso zimenezi zili ndi tanthauzo lenileni: wophunzira afupikitse kaye mpaka h wa pansi atachoka, kenako atenge limiti. Woika h = 0 asanafupikitse amapeza 0/0 n'kuima pomwepo.

Nanga 20 ameneyu akutanthauzanji, poti mwala sukhala pa liwiro limeneli ngakhale kwa kanthawi kochepa? Kuwerenga kwabwino ndi uku: mwalawo ukanasiya kufulumira pa t = 2, ukanayenda mamita 20 m'sekondi yotsatira. Ndi zimene singano yoonetsa liwiro m'galimoto imanena ikaloza pa 80. Sikulonjeza kuti galimoto iyenda makilomita 80 m'ola likubwerali, popeza patsogolo pali zigwembe ndi malo oima. Ikungonena mmene zinthu zilili pa nthawi imeneyo.

Kuwerenga kotereku kumapatsa derivetivu ntchito yolosera, koma ya pafupi pokha. Pa t = 2 mwala uli pa mamita 20 ndipo liwiro ndi 20. Pakatha 0.1 ya sekondi uyenera kukhala pa 20 + 20 × 0.1, omwe ndi 22. Mtunda weniweni ndi 22.05, ndiye kuloseraku kwaphonya ndi masentimita 5 okha. Koma woyesa kulosera sekondi yathunthu ndi njira yomweyi apeza 40, pamene zoona zake ndi 45. Wophunzira wonena kuti "derivetivu ndi 20, ndiye m'sekondi yotsatira mwala uyenda mamita 20 ndendende" wasakaniza liwiro la pa kamphindi ndi avareji, ndipo wolemba malikisi amaona msanga kulakwa kumeneku.

Pa galafu nkhani ndi yomweyi, kungoti yajambulidwa. Mzere wowongoka wodutsa pa malo awiri a galafu uli ndi girediyenti yofanana ndi avareji ija, kukwera kugawa ndi kupita chammbali. Malo achiwiri akamasendera kufupi ndi oyamba, mzerewo umatembenuka pang'onopang'ono mpaka kukhazikika pa tanjenti. Girediyenti ya tanjenti ndiyo derivetivu. Palibe chatsopano choti aloweze apa.

Chinthu chimene ambiri amachinyalanyaza, chonsecho chimapulumutsa malikisi, ndi mayunitsi. Popeza derivetivu ndi zotsatira za kugawa, mayunitsi ake nawonso ndi ogawana. Leibniz anasankha kulemba ds/dt, ndipo kalembedweka kamakumbutsa zimenezi pakokha: mamita pamwamba, masekondi pansi. Ngati V ndi madzi a m'thanki m'malita ndipo t ndi mphindi, dV/dt ili m'malita pa mphindi. Funso likanena kuti V(10) = 300 ndipo V′(10) = −4, wophunzira alembe chiganizo chathunthu: pa mphindi ya 10 m'thanki muli malita 300, ndipo madzi akuchepa ndi malita 4 pa mphindi. Nambala yoyamba ikunena kuchuluka, yachiwiri ikunena kusintha. Chizindikiro chochotsera sichikutanthauza kuti madzi ndi ochepera 0. Chikutanthauza kuti akutsika.

Kusakaniza nambala ziwirizi ndi kulakwa kumene kumabwera kawirikawiri kuposa kwina kulikonse, ndipo chitsanzo cha mpira woponyedwa m'mwamba chimakuwongola bwino. Mpirawo uchoke pansi pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, kuti kutalika kwake kukhale y = 20t − 5t². Derivetivu ndi 20 − 10t. Pa t = 1 mpira uli pa mamita 15. Pa t = 3 ulinso pa mamita 15. Woyang'ana kutalika kokha anganene kuti nthawi ziwirizi n'zofanana, koma derivetivu ikuti pa t = 1 ndi 10, pa t = 3 ndi −10. Koyamba mpira ukukwera, kachiwiri ukutsika, pa liwiro lofanana. Pa t = 2 mpira uli pamwamba penipeni, mamita 20, ndipo derivetivu ndi 0. Pamene chinthu chafika pachimake mpamene kusintha kwake kwaima, ndipo n'chifukwa chake mafunso ofuna malo okwera kwambiri kapena otsika kwambiri amayamba ndi kuika derivetivu pa 0. Koma 0 payekha si umboni wa nsonga. Fankishoni ya x³ ili ndi derivetivu 0 pa x = 0, chonsecho imangopumira pamenepo n'kupitiriza kukwera. Wophunzira ayang'ane chizindikiro cha derivetivu mbali zonse ziwiri: pa mpira uja chikuchoka pa kuphatikiza kupita pa kuchotsera, ndiye ndi nsongadi.

Mpira womwewu uli ndi phunziro lina. Derivetivu ya 20 − 10t ndi −10, ndipo mayunitsi ake ndi mamita pa sekondi pa sekondi iliyonse. Imeneyi ndi derivetivu yachiwiri, yoyeza mmene liwirolo likusinthira. Ndi −10 nthawi zonse, ngakhale pansonga paja pamene liwiro ndi 0. Ophunzira ambiri amakana zimenezi poyamba. Koma mphamvu yokokera zinthu pansi ikanaleka kugwira ntchito pansonga, mpirawo ukanakhala m'malere momwemo osabwerera.

Zitsanzo zonsezi zili ndi nthawi pansi pa mzere, ndipo zingapangitse munthu kuganiza kuti derivetivu ndi ya zinthu zoyenda zokha. Si choncho. Tengani malo a sikweya, mbali iliyonse mamita 10, kukula kwake masikweya mita 100. Mwini wake akawonjezera mita 0.1 m'litali ndi m'lifupi, malowo amafika pa 102.01. Zowonjezerazo zikuoneka ndi maso munthu akajambula: kachidutswa kakatali mbali imodzi, mamita 10 ndi 0.1, kachidutswa kena kofanana nako mbali inayo, ndi kasikweya kakang'ono pa ngodya, 0.1 ndi 0.1. Tizidutswa tiwiri tatitalito tikupereka 2, kangodyako kakupereka 0.01. Kugawa ndi 0.1 kukupereka 20.1, ndipo limiti yake ndi 20, yomwe ndi 2x pamene x = 10. Ndiye 2 wa mu 2x sanagwe kuchokera kumwamba. Ndi mbali ziwiri zija za sikweya. Ndipo h² amene amatayidwa mu aljebura ndi kangodya kaja, kamene kamachepa mofulumira kwambiri kuposa tizidutswa tina. Wophunzira amene wajambulapo chithunzichi kamodzi sadzafunikanso kuloweza derivetivu ya x².

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo mayeso amakonda kufunsa pomwepo. Pa mwala paja, ma avareji a kutsogolo ndi a kumbuyo anakumana pa 20. Sizichitika choncho nthawi zonse. Fankishoni ya |x| ili ndi galafu yooneka ngati chilembo cha V, nsonga yake ili pa x = 0. Kumanja kwa 0 avareji ndi 1, kaya h achepe bwanji. Kumanzere ndi −1. Ziwirizi sizidzakumana, choncho limiti palibe, ndipo derivetivu pa x = 0 palibenso. Yankho si 0, ngakhale kuti 0 ali pakati pa 1 ndi −1, ndipo ambiri amagwera m'mbuna imeneyi. Galafuyi sinaduke paliponse, munthu atha kuijambula osanyamula pensulo, koma kusaduka sikukwanira. Weierstrass anaonetsa mu 1872 kuti pali fankishoni yosaduka paliponse imene ilibe derivetivu pa malo ena alionse. Zimenezo sizibwera pa mayeso apakati pa temu, koma nsonga ya V imabwera. Chimodzimodzinso pamene galafu yadumpha, kapena pamene tanjenti yaima chilili, monga pa x = 0 mu fankishoni ya ∛x.

Wophunzira wokhala ndi kakyuleta ali ndi njira yotsimikizira yankho lake asanapereke pepala. Akapeza kuti derivetivu ya x³ pa x = 2 ndi 12, awerengere 2.01³, yomwe ndi 8.120601, achotsepo 8, agawe ndi 0.01. Apeza 12.06, pafupi ndi 12, ndiye ali panjira. Akanakhala kuti analemba 8 kapena 6, kusiyanako kukanamuuza nthawi yomweyo kuti abwerere. Asankhe h wonga 0.01 kapena 0.001, osati wochepetsetsa kwambiri, chifukwa kakyuleta imasunga manambala owerengeka, ndipo h akachepa mopitirira muyeso kuchotserako kumatuluka 0 wabodza. Ntchito yonseyi sitenga mphindi imodzi, ndipo imagwira pa fankishoni iliyonse imene ili ndi derivetivu pa malowo.